Wantchito watopa kwa nthawi yaitali: momwe mungauzire bwana popanda kumupachika

Akapitawo, masupavaiza ndi nthumwi za yuniyoni amandifunsa funso ili mobwerezabwereza, ndipo mawu ake sasintha kwenikweni: "Ndili ndi munthu amene kale anali wachangu, pano akungosinza, thupi lonse lende. Ndikakhala chete avulala, ndikanena kwa bwana amuchotsa ntchito. Nditani?" Ndalemba yankho pano kamodzi n'kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera.

Kwa bwana mukupita kukapempha zinthu ziwiri zokha: kuti kutopako kufufuzidwe, ndiponso kuti pakhale nkhumano yothandiza munthuyo. Simukupita kukamuneneza, komanso simukupita kukatchula matenda ake. Kufufuzako kuli pawiri. Za m'thupi ndi ntchito ya achipatala. Za maola, mashifiti ndi kulemera kwa ntchito ndi udindo wa kampani. Kawirikawiri zinthu zimasokonekera chifukwa bwana amasanduka dokotala, n'kuyamba kulosera matenda, pamene za maola, zomwe zili m'manja mwake, palibe amene akuziyang'ana.

Kuti tisayankhule zam'malere, tiyerekeze kuti inu ndinu kapitawo pafakitale yopakira ufa. Muli ndi bambo wina amene amasoka matumba pa makina, ndipo wagwira zaka 6 popanda kalata ya chenjezo. Kwa masabata 7 tsopano bamboyu si yemwe uja. Tiyenda naye mpaka kumapeto.

1. Tsimikizani kaye kuti uku si kutopa wamba

Kutopa wamba kumatha munthu akagona bwino masiku awiri kapena atatu. Kumene tikunena pano n'kuja kopitirira mwezi, kosamva kupuma: munthu wachokera ku ofu koma Lolemba m'mawa wafika kale wolefuka. Mumuyerekeze ndi mmene iye mwini analili kale, osati ndi anzake. Ena ndi odekha chibadwire, ndipo kudekha si matenda.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira nkhumano. Ngati munthu wakomoka, akuchita befu atangoyenda pang'ono, akumva kupweteka pachifuwa, watupa miyendo, wakhala akutsokomola kopitirira masabata awiri uku akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, kapena wayamba kuyankhula zoti moyo wamukwana, apite kuchipatala lero lomwe, za mapepala zibwere pambuyo. Ndipo ngati mwamuona akusinza pa makina, pa chiwongolero kapena pamwamba pa makwerero, muchotseni pamenepo nthawi yomweyo. Izi kapitawo sadikira chilolezo cha wina aliyense.

2. Lembani zimene mwaona, osati zimene mukuganiza

Tengani kope, mulembe deti, nthawi ndi chimene chinachitika. "Ndi waulesi masiku ano" si umboni. "Akuoneka ngati akudwala" si umboni. Zolemba zothandiza zimaoneka chonchi: pa 9 Epulo, cha m'ma 3 koloko usiku, ndinawapeza atatsamira pa matumba, makina akuyenda okha. Pa 17 Epulo matumba 14 anabwezedwa chifukwa msoko unakhota, ufa unkatayika. Pa 25 Epulo singano inawabaya chala chakumanzere, tinamanga bandeji. Mwezi umenewu achedwa katatu, pamene chaka chatha chonse sanachedwepo.

Mzere wotsirizawo musauiwale. Mbiri yabwino ya munthuyo ndi imene imasonyeza kuti china chake chasintha, ndipo ndi imene idzamuteteze bwana akayamba kunena za ulesi.

Mukatero tengani ndandanda ya mashifiti ndi buku losainira polowa ndi potuluka, muwerengere maola enieni a masabata 8 apitawa. Ambiri amadumpha apa chifukwa n'potopetsa, chonsecho yankho nthawi zambiri limagona pomwepa. Pa chitsanzo chathu mupeza kuti mnzawo wa pa makina anasiya ntchito mu Malichi ndipo sanalowedwe m'malo. Kuyambira pamenepo bambowa akhala akugwira usiku 6 wotsatizana, maola 12 usiku uliwonse, kutanthauza maola 72 pa sabata. Lamulo la za ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a maola wamba, osawerengera ovataimu, ndipo limati munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapatsidwa tsiku lathunthu lopuma. Choncho maola 24 pa sabata akhala akubwera pamwamba.

Yang'ananinso tsiku losinthira shifiti. Munthu akaweruka 6 koloko m'mawa n'kuuzidwa kuti abwerenso 2 koloko masana, papepala pamaoneka maola 8 opuma. Chotsanipo ola ndi theka la minibasi popita, lina ndi theka pobwera, kusamba ndi kudya. Patsala maola anayi osakwana bwino, ndipo ndi tulo ta masana, m'nyumba ya malata, ana akusewera pakhonde, woyandikana naye nyumba watsegula wailesi. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo.

3. Yankhulani ndi mwiniwake musanapite kwa bwana

Munthu akamva kuti nkhani yake yafika ku ofesi iye osadziwa, basi, mwamutaya. Adzakana zonse, ndipo inu mudzakhala kazitape mpaka kalekale. Mutengereni pambali, osati pamzere wolandirira nkhomaliro, ndipo muyambe ndi zimene mwaona.

"Achimwene, tagwira limodzi zaka zambiri, ndimakudziwani. Miyezi iwiri ino sindikukuonani bwino. Tsiku lija la singano ndinachita mantha. Zikukhala bwanji?"

Yankho loyamba limakhala lakuti, "Ayi bwana kapitawo, ndili bwinobwino." Musadabwe nazo. Amene akudyetsa banja ndi ntchito imeneyi savomera msanga kuti mphamvu zikumuthera. Khalani chete pang'ono, kenako munene poyera chimene akuopa: "Sindikukulembani lipoti. Ndikufuna tikaone bwana za maola anu ndiponso kuti mupeze mpata wopita kuchipatala, zinthu zisanafike poipa."

Akamasuka akhoza kukuuzani zambiri. Tinene kuti bambo athuwa aulula kuti ludzu silikuwatha, akudzuka kambirimbiri kukataya madzi ngakhale atagona masana, ndipo lamba amusuntha mabowo awiri. Inu mumtima mukhoza kuganizira za shuga. Zisungeni momwemo. Kutopa kokhalitsa kumabwera ndi zinthu zambiri: kuchepa kwa magazi, shuga, chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV, vuto la chithokomiro, likodzo, mtima kapena impso, mankhwala ena amene munthu akumwa, kubanika kutulo kwa anthu oliza mkonono kwambiri, nkhawa ndi matenda a maganizo, kapena kungosowa tulo. Zambiri mwa izi zimaoneka mofanana kunja, n'chifukwa chake achipatala amayeza. Chimene munganene n'chakuti, "Zimenezi mukawauze adokotala ndendende mmene mwandiuzira inemu."

Musanasiyane, gwirizanani momveka bwino zoti mukanene ndi zoti musakanene. Funsani chimodzichimodzi: za maola ndikanene? Zoti mukufuna kukaonana ndi dokotala ndikanene? Za ludzu ndi kuonda? Chimene wakana, chatsekedwa. Muuzeninso chilungamo kuti za singano ndi za kusinza pa makina simungazibise, chifukwa zikukhudza chitetezo cha iye ndi anzake. Kuli bwino amve zimenezi kwa inu lero kusiyana ndi kudzazimva mu ofesi.

Nanga akakaniratu kuti musapite kwa bwana? Ngati palibe chiopsezo cha ngozi, mupatseni sabata imodzi kapena ziwiri, mubwererenso. Ngati chiopsezo chilipo, muuzeni kuti mupitabe, koma mukanena zokhazo zimene maso anu aona ndi zimene zili m'buku la maola.

4. Mu ofesi ya bwana

Apa ndi pamene pamavuta, ndipo malangizo ambiri amangoti "kambiranani ndi manijala" ngati kuti n'kumwa madzi.

Sankhani nthawi. Musapite tsiku limene matumba abwezedwa, bwana mtima uli m'mwamba, chifukwa chilichonse chimene munganene chidzasanduka mlandu. Musayambitsenso nkhaniyi pamsonkhano wa m'mawa pamaso pa akapitawo ena. Pemphani mphindi 15 za inu awiri, ndipo munene kuti ndi nkhani ya chitetezo pa shifiti yanu. Mawu akuti chitetezo amatsegula makutu kuposa mawu akuti chisoni.

Poyamba nenani mbiri yabwino, kenako kusintha, kenako pempho, zonse m'kamphindi kochepa: "Bwana, ndabwera ndi nkhani ya bambo a pa makina osokera. Zaka 6 sanatipatsepo vuto. Masabata 7 apitawa akutopa modabwitsa, ndipo ngakhale achokere ku ofu sakutsitsimuka. Ndalemba zimene ndaona, nazi. Ndayankhula nawo, akudziwa kuti ndili kuno. Pempho langa ndi lakuti tikhale nawo pansi, osati ngati mlandu, tione maola awo, komanso tiwapatse mpata akaonane ndi achipatala."

Mukatero siyani pepala patebulo, mudikire. Mayankho amene amabwera ndi odziwika, ndipo ndi bwino kuwakonzekera.

Loyamba ndi lakuti, "Ameneyo ndi ulesi, mwina mowa. Mulembereni woning'i." Musatsutse mwamakani, chifukwa bwana akangoyamba kuteteza maganizo ake sabwereranso m'mbuyo. Vomerani kuti simukudziwa chifukwa chake, ndipo kusadziwako ndi kumene kukufuna kufufuza. "Mwina n'zoona bwana, sindinganene. Koma munthu sayamba ulesi mwadzidzidzi patatha zaka 6. Tikalemba kalata lero, mawa n'kupezeka kuti ndi matenda kapena ndi maola, kalatayo idzatitembenukira." Apa simukuopseza, mukunena mmene zinthu zilili. Lamulo la za ntchito limafuna kuti pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kuthekera kwake pa ntchito kapena zosowa za kampani, ndiponso kuti apatsidwe mpata woyankhapo. Limanenanso kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Bwana amene wakhalapo kubwalo la milandu ya za ntchito amadziwa kuti kumeneko amafunsa kuti kampani inachitapo chiyani isanalange.

Lachiwiri limabwera ndi mawu otsitsa, chitseko chitatsekedwa: "Tandiuzani zoona, akudwala chiyani? Si zijazi?" Apa ndi pamene akapitawo abwino ambiri amaterereka, chifukwa bwana akakufunsa mwaubwenzi umafuna kuoneka kuti ukudziwa zinthu. Yankho ndi limodzi: "Sindikudziwa bwana, ndipo si ine woyenera kunena. Zimene ndaona ndi zimene zili papepalazo." Ngakhale kugwedeza mutu kapena kumwetulira mokayikitsa ndi kuulula. Pofika madzulo nkhani idzakhala ili m'kamwam'kamwa fakitale yonse, ndipo dzina la matenda likamamatira munthu silichoka ngakhale zotsatira za kuchipatala zitanena zina. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti ali ndi kachilomboka kapena akungoganiziridwa kuti ali nako. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, bwana safunika dzina la matenda kuti akonze shifiti. Chimene akufunika kudziwa n'chakuti munthuyu angagwire ntchito iti, kwa maola angati, mpaka liti.

Lachitatu limaoneka ngati lothandiza: "Chabwino, apite kuchipatala, abweretse buku lake ndione." Kanani mwaulemu. Buku lakuchipatala lili ndi mbiri yonse ya munthu, za chaka chino ndi za zaka zapitazo, ndipo ndi lake. Chimene kampani ingapemphe ndi kalata yapadera ya dokotala yonena ngati munthuyo angathe kugwira ntchito, zimene ayenera kupewa, ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Chizolowezi chotsegula mabuku a anthu mu ofesi ngati umboni wa sikilivu, tchuthi cha wodwala, chilipo m'malo ambiri, ndipo ine ndimachiona kuti ndi chimodzi mwa zifukwa zimene antchito amabisira matenda mpaka atagwa.

Lachinayi ndi lakuti, "Tonse timatopa, inenso ndimatopa." Vomerani, kenako mubwerere ku ngozi. Bwana akatopa amalakwitsa nambala pakompyuta, pamene bambowa akatopa dzanja limalowa m'makina. Ofufuza za tulo anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Palibe bwana amene angalole woledzera pa makina. Ndipo munthu akavulala pantchito, lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito limaloza kwa wolemba ntchito.

Tsopano chinthu chimene palibe amakuuzani. Ndandanda ya maola 72 ija anasaina ndi bwana yemweyo amene mwakhala naye, ndipo mwina ndi iyeyo anakana kulemba munthu wina mu Malichi pofuna kupulumutsa ndalama. Ndiye mukamati "tifufuze maola", iye akumva kuti "tikufufuzeni inuyo". Mukalowa ndi mawu akuti kampani yaphwanya lamulo, nkhani yathera pomwepo, ndipo wovutika si inu, ndi bambo aja. Njira yake ndi kuika manambala patebulo popanda kuloza chala, ndiponso kudziphatikizamo. "Bwana, nditawerengera ndinadabwa inenso. Chichokereni mnzawo uja takhala tikutseka mpata ndi iwowa, ndipo zafika maola 72 pa sabata. Sindikukhulupirira kuti wina anakonza dala, zangounjikana." Mawu akuti "takhala" amapatsa bwana khomo lotulukira mwaulemu. Si chinyengo, chifukwa inunso monga kapitawo mwakhala mukuwaitana anthuwo ku mashifiti amenewo.

Bwerani ndi njira m'manja, musangobwera ndi vuto. Mwachitsanzo, pali mnyamata wina wonyamula matumba amene anaphunzirako kusoka ndipo angagwire usiku utatu pa sabata. Bwana amene wapatsidwa vuto lokha amafunafuna wolakwa, koma amene wapatsidwa vuto ndi njira yake amangofunsa kuti zidya ndalama zingati.

Musatuluke musanamve zinthu zitatu: tsiku la nkhumano, lomwe lisapitirire sabata imodzi, amene adzakhalepo, ndi lonjezo lakuti kalata ya chenjezo iliyonse yokhudza nkhaniyi iyambe yaima. Bwana akati "tiona", funsani mofatsa kuti, "Lachinayi 10 koloko zingatheke?"

5. Tsimikizani ndi kakalata kafupi

Tsiku lomwelo lembani mizere yochepa kwa bwana, ndipo ngati pali ofesi yoona za ogwira ntchito, nawonso alandire. Mungalembe chonchi: "Potsatira zokambirana zathu za lero, ndikupempha nkhumano yothandiza bambo a pa makina osokera, Lachinayi 10 koloko. Cholinga ndi kuona chimene chikuchititsa kutopa kwawo kwa masabata 7, kuunika maola awo, ndi kuwapatsa mpata wokaonana ndi achipatala. Iyi si nkhumano ya mlandu." M'kalatamo musatchule zizindikiro za m'thupi, ndipo musaitumize pagulu la akapitawo la pafoni.

6. Nkhumano yothandiza isafanane ndi hiyaring'i

Kwa osadziwa, hiyaring'i ndi nkhumano ija yozenga wantchito amene akuganiziridwa kuti walakwa: pamakhala mlandu, mboni ndi chigamulo. Nkhumano yothandiza ilibe zonsezi. Vuto n'lakuti wantchito akaitanidwa ku ofesi ndi kalata ya mu envulopu, n'kupeza anthu anayi atandandalika kuseri kwa tebulo, iye amadziwa kuti ndi hiyaring'i ngakhale muitchule dzina lina. Choncho kamuitaneni pakamwa inu nomwe, masiku awiri nkhumano isanachitike, muwauze cholinga, ndiponso kuti akhoza kubwera ndi mnzawo kapena wa yuniyoni. Anthu asapitirire anayi. Ichitike nthawi ya ntchito, osati 6 koloko m'mawa munthu atangoweruka usiku, maso ali psuu.

Atsegule ndi bwana, chifukwa mawu akuti "ntchito yanu sili pachiopsezo lero" amalemera akachokera kwa iye. Kenako wantchito ayankhule, ndipo mafunso akhale a ntchito: ndi nthawi iti ya shifiti imene imakuvutani kwambiri? Mukaweruka mumagona maola angati? Ndi chiyani chimene tingasinthe kuno? Pali china chimene mukufuna tidziwe? Funso lotsirizali limasiya khomo lotsegula popanda kukankha munthu. Akafuna kunena za matenda, za maliro amene amugwera, za mkazi amene ali m'chipatala, anena yekha.

Nkhani ya ndalama muikambe poyera, chifukwa ndi imene imagwetsa mapangano ambiri abwino. Mukamuchotsa munthu usiku ndi kumudula ovataimu, mwamudulanso ndalama zimene mwina analinga nazo kale fizi kapena ngongole ya katapila. Adzavomera mu ofesi chifukwa cha ulemu, kenako adzayamba kugula mashifiti kwa anzake mobisa, kapena kupalasa kabaza masana pamene amayenera kugona. Muwerengereni malipiro amene adzalandire m'masabata amenewo kuti alowe akudziwa. Ngati kampani ili ndi njira ya adivansi, ino ndi nthawi yoitchula. Akaulula yekha kuti ali ndi ganyu wina kunja, musasandutse nkhumanoyo mlandu pomwepo, chifukwa mwalonjeza kuti si mlandu, ndipo antchito ena onse adzamva mmene mwasungira lonjezolo.

Mufotokozereninso za sikilivu, tchuthi cha wodwala, pakuti ambiri sadziwa kuti ndi ufulu wawo. Munthu amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi masabata osachepera 4 pa chaka olandira malipiro onse, ndi ena 8 olandira theka, akabweretsa kalata ya dokotala wovomerezeka.

Mapangano akhale ochepa, olembedwa, aliwonse ndi mwini wake ndi deti lake. Kwa bambo athuwa akhoza kukhala awa: kwa masabata 4 agwira masana okha, maola osapitirira 48 pa sabata, Lolemba likubwerali apatsidwa tsiku lonse lolipidwa kuti apite kuchipatala, mpaka kalata ya dokotala itabwera akhala pa sikelo, osati pa makina, tidzakumananso pakatha masabata 4. Tsiku lakuchipatala likhale lathunthu, chifukwa kuchipatala cha boma munthu amalawirira pamzere, kuyeza kwina kwa shuga kumafuna kuti asadye kanthu m'mawa, ndipo makhololo kapena magazi akatengedwa, zotsatira nthawi zina amakatenga tsiku lina. Kumupatsa maola awiri n'kumuuza kuti asapite. Wantchito alandire pepala lake la mapanganowo, ndipo lina lisungidwe kumene akapitawo ena sangalifikire.

Anzake pa shifiti adzafunsa chifukwa chimene wachokera usiku. Gwirizanani naye yankho limodzi lalifupi, monga lakuti "asinthidwa shifiti kwa kanthawi", ndipo aliyense anene lomwelo.

7. Pakatha masabata anayi

Nkhumano yachiwiri ndi imene imaiwalika, makamaka munthu akayamba kuoneka bwino. Musaidumphe. Pitirizani kulemba m'kope muja, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti mudzakhale ndi poyerekezera.

Zotsatira zimagwa patatu. Mwina achipatala apeza kanthu, ndipo kalata ikuti apewe ntchito ya usiku kwa miyezi itatu ndiponso azipita kukaonedwa mwezi uliwonse. Tsatirani kalatayo osafunsa dzina la matenda, ndipo musayembekezere kuti mphamvu zibwerera sabata imodzi: wochepa magazi amamwa mankhwala kwa miyezi, wa shuga amatenga nthawi kuti mankhwala ndi kadyedwe zikhazikike. Mwina achipatala sanapeze kanthu koma munthu watsitsimuka atangochoka pa maola 72. Pamenepo vuto linali ndandanda, ndipo mukamubwezera pomwepo kapena kuikapo wina, mudzayambiranso nkhani yomweyi ndi munthu wina. Yachitatu ndi yovuta: kuyeza koyamba sikunaonetse kanthu, maola achepetsedwa, koma kutopa kulipobe. Apa bwana amafulumira kunena kuti, "Mwaona, ndinanena ine." Kuyeza koyamba kumangoona zinthu zofala. Vuto la chithokomiro, kubanika kutulo kapena matenda a maganizo sizioneka pa kadontho ka magazi a pachala. Pemphani masabata ena, munthuyo abwerere kuchipatala akanene kuti sizikusintha, ndipo ngati n'kotheka atumizidwe kuchipatala chachikulu.

Ngati bwana wakaniratu nkhumano kuyambira pachiyambi, kakalata kanu kaja ndi umboni wakuti munanena. Pitani nako ku ofesi yoona za ogwira ntchito kapena ku komiti ya chitetezo ngati ilipo, ndipo muuzeni bwana kuti mukupita kumeneko, asadzamvere kwa ena. Wantchito mwiniwake ali ndi ufulu wopita ku yuniyoni kapena ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo kuchipatala safunika chilolezo cha bwana kuti apite pa tsiku lake la ofu. Pamene zonsezi zikuyenda, musamubwezere pa makina usiku ngati mukumuonabe akusinza, ndipo mukakakamizidwa kutero, pemphani kuti lamulolo likupezeni polemba.